Baji, geti ndi nthawi yoweruka: zimene timachotsa chithunzi cha mwana chisanapite pa foni za anthu

Sukulu zikatsegulira mu Seputembala, masitetasi a WhatsApp amadzaza ndi ana ovala yunifomu yatsopano. Nsapato zopolishidwa, masokosi oyera mbee, chikwama chachikulu kuposa mwini wake. Zithunzi zimenezi ndimazikonda, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake makolo amaziika. Amene wavutika kupeza ya yunifomu, ya nsapato ndi ya makope ali ndi ufulu wonyadira, komanso agogo kumudzi ndi bambo amene ali ku Joni alibe njira ina yoonera tsiku limenelo koma pa foni. Choncho sindikunena kuti tisiye kujambula ana kapena kuonetsa abale. Nkhani yanga ndi ya zimene zimatsagana ndi chithunzicho mwini wake osazindikira.

Anthu ambiri akayamba kuda nkhawa amathamangira kuphimba nkhope. Amamata kamtima kapena kaduwa pamaso pa mwana, n'kuona ngati ntchito yatha. Koma pachifuwa baji ya sukulu ikuwerengeka bwinobwino, kumbuyo kukuoneka geti la pakhomo, ndipo pansi alemba dzina ndi kalasi. Pamenepo aphimba chinthu chochepa n'kusiya chachikulu. Munthu wa maganizo oipa safuna kwenikweni nkhope ya mwana wanu, chifukwa ana okongola ali paliponse. Chimene chimamuthandiza ndi kudziwa komwe mwanayo amapezeka, nthawi imene amapezekako popanda inu, ndi dzina loti amuitanire kapena akuimbireni nalo foni. Chilichonse mwa zitatuzi pachokha n'chopepuka. Zikakumana pa chithunzi chimodzi, kapena pa zithunzi zingapo za tsamba limodzi, m'pamene pamakhala vuto.

Nditenge chithunzi cha mwana wa mlongo wanga, amene anayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Mayi ake ananditumizira ine kaye asanachiike pena paliponse, poti pa nkhani za foni kwathu amafunsa ine, komanso ndine malume wake wa mwanayo. Anamujambula m'mawa ataima panja pa mpanda. Diresi la yunifomu linali ndi baji kumanzere, dzina la sukulu lolembedwa mozungulira. Pa chikwama anali atalemba ndi cholembera chakuda dzina lonse la mwana ndi nambala ya foni ya mayi ake, kuopa kuti chingasowe, ndipo chikwamacho anachinyamulira kutsogolo kuti chioneke. Kumbuyo kunali geti lobiriwira, nambala ya poloti yopakidwa penti yoyera, ndi mbali ya chikwangwani cha golosale ya aneba. Chakumanja kunkaoneka theka la njinga yamoto ya wa kabaza amene anagwirizana naye kuti azimutenga, nambala yake ikuwerengeka. Mawu amene ankafuna kulemba pansi anali akuti: "Tsiku loyamba la Uje wanga ku Sitandade 1, kwa Madamu Akutiakuti. Tikumana 11:30 mwana wanga, ankolo a kabaza akutenga."

Palibe chachilendo m'mawu amenewa. Ndi mmene timalembera tonse. Koma tawerengani monga munthu amene sakukufunirani zabwino. Wadziwa sukulu, kalasi, dzina la mphunzitsi, nthawi yoweruka, ndiponso kuti wokatenga mwana si mayi ake koma wa kabaza. Wadziwa geti la kunyumba. Ndiye pali china chimene mlongo wanga sanachiwerengere: iye amagulitsa zovala za kaunjika pa Facebook, ndipo pa tsamba lomwelo pali nambala yake ndi dera limene makasitomala amakatengerako katundu. Palinso zolemba zake zosonyeza masiku amene amapita m'tauni kukatsegula belo. Munthu sakufunika luso lililonse la kompyuta kuti aphatikize zimenezi. Kungotsetsereka ndi chala pa tsambalo kwa mphindi zochepa n'kokwanira.

Choyamba chimene chingachitike, ndipo ndi chimene chimachitikadi kawirikawiri kuno kwathu, si kubedwa kwa mwana koma foni yachinyengo. Ambiri tamvapo kapena kulandirapo foni yotere. Munthu amaimba ndi mawu aphuma: "Ndi mayi a Uje? Ndine mphunzitsi kusukulu kuno. Mwana wanu wagundidwa ndi njinga yamoto, tili naye kuchipatala, adokotala akuti pakufunika ndalama ya mankhwala pompano. Tumizani pa nambala iyi." Akuba ambiri amangoimba mwachisawawa, kuyesa mwayi, ndipo amagwidwa bodza msanga chifukwa sadziwa ngakhale dzina la mwana. Koma amene watchula dzina, kalasi, ndi kunena kuti "Madamu Akutiakuti ndi amene andipatsa nambala yanu", mtima wa kholo sumufunsanso mafunso. Ndalama imapita pa Airtel Money kapena pa Mpamba mutu usanayambe kugwira ntchito. Ndipo foni yotere sikuti imabwera kwa mayi okha. Imatha kupita kwa agogo kapena azakhali amene analemba ndemanga pansi pa chithunzi chija, omwe sangathamangire kusukulu kukaona.

Foni yotere imadziwika ndi zinthu zingapo. Woimbayo amakuthamangitsani, safuna kuti mudule foni, ndipo nambala yotumizira ndalama imakhala ina, yotuluka dzina losiyana ndi limene wadzitchula. Mukamufunsa wodi imene mwana ali kapena kuti mulankhule ndi namwino, amayamba kukalipa. Mankhwala ake ndi kudula foni n'kuimbira nambala ya sukulu kapena ya mphunzitsi imene muli nayo kale. Komabe ndi bwino kuti wakubayo asakhale ndi poyambira pomwe, ndipo poyambira pake nthawi zambiri timamupatsa tokha.

Chachiwiri sichichitika kawirikawiri, koma ndi chimene chimandisowetsa tulo. Ana athu timawalera kuti azilemekeza wamkulu aliyense. Mwamuna aliyense ndi ankolo, mkazi aliyense ndi anti, ndipo mwana wokana kutumidwa kapena wosayankha akaitanidwa timamunena kuti ngwamwano. Tsopano taganizirani mwana wa zaka 6 pa geti la sukulu. Munthu wafika, wamuitana ndi dzina lake la kunyumba, lija limatchulidwa ndi abale okha, n'kunena kuti: "Amayi ako apita kukatsegula belo, ankolo a kabaza njinga yawo yaphwa, ndiye andituma ine." Chilichonse chimene wanena chikugwirizana ndi zimene mwanayo akudziwa. Kwa iye munthu ameneyu si mlendo ayi, popeza mlendo sangadziwe zonsezo. Langizo lathu lija lakuti "usamapite ndi anthu osawadziwa" siligwiranso ntchito pamenepa.

N'chifukwa chake dzina la kunyumba ndimaliteteza kuposa dzina la pa kaundula wa sukulu. Dzina loyamba la mwana, tinene zoona, silibisika kwenikweni pakati pathu. Mayi amadziwika ndi dzina la mwana wake, bambo chimodzimodzi, ndipo ambiri analemba kale pa WhatsApp kuti "Mayi a Uje". Ena bizinesi yawo yomwe anaitchula dzina la mwana. Zimenezo n'zovuta kubweza. Koma kadzina kachikondi kaja, ndi dzina lonse lokhala ndi la bambo kapena mfunda, zimenezo zikhoza kutsala m'nyumba.

Tinachita chiyani ndi chithunzi chija? Mlongo wanga poyamba sanasangalale. "Achimwene, ndiye chitsala chiyani? Anthu adziwa bwanji kuti wayamba sukulu?" Ndinamuuza kuti yunifomu ndi chikwama zikunena kale zimenezo. Tinayamba ndi kudula chithunzicho. Titadula kumanja njinga inachoka, titadula pamwamba nambala ya poloti ndi chikwangwani cha golosale zinachoka. Koma geti linatsalabe, baji ili pakati penipeni, ndi dzina pa chikwama. Pamenepo kudula kunalephera. Mawa lake anajambula china kuseri kwa nyumba, mwana ataima pa khoma la njerwa lopanda chizindikiro chilichonse, chikwama chili kumsana, atapinda manja pachifuwa moti baji inabisika yokha. Pansi analemba kuti: "Wayamba sukulu mwana wanga. Ambuye amutsogolere." Anachiika madzulo, mwana ali kale m'nyumba. Anthu anayamikira chimodzimodzi.

Ndimakonda kudula kapena kujambulanso kusiyana ndi kupaka. Cholembera cha pa foni china chimakhala chopepuka, choonetsa za pansi, moti munthu akawonjezera kuwala zilembo zimatulukanso. Ngati mukupaka, gwiritsani ntchito mtundu wolimba kapena chomata chosaonetsa mkati, kenako mukuze chithunzicho ndi zala ziwiri, muone ngodya zonse zinayi. Makamera a masiku ano, ngakhale a Tecno ndi itel otsika mtengo, amagwira zinthu zimene diso silinazione pojambula: kalendala ya mpingo pa khoma, lipoti la sukulu pa tebulo, nambala ya galimoto pa windo.

Pa yunifomu pali malire amene tiyenera kuvomereza. Ngakhale mubise baji, munthu wa dera lomwelo amaidziwa sukulu ndi mtundu wa nsalu. Wa ku Kawale kapena ku Ndirande akaona diresi la mtundu wakutiwakuti ndi kolala yake, sakusowa kuwerenga. Kubisa baji kumateteza kwa munthu wakutali, osati kwa wapafupi. Choncho chithunzi cha yunifomu, ngakhale chodulidwa bwino, ine sindichiika poti aliyense aone. Chimapita kwa anthu osankhidwa. Cha pa tchalitchi, cha pa ukwati, cha ku nyanja, mwana atavala zovala wamba, chimenecho chikhoza kupita patali pang'ono.

Nthawi ndi chinthu chimene anthu amachiiwala kwambiri, chonsecho n'chosavuta kuchotsa. Chithunzi cha ku Salima kapena ku Mangochi choikidwa muli komweko chimanena zinthu ziwiri: komwe ana ali tsopano, ndi kuti kunyumba kulibe munthu. Chomwecho choikidwa mutabwerako sichinena chilichonse mwa ziwirizi. Choopsa kuposa pamenepo ndi chizolowezi. Chithunzi chimodzi cha mwana ku kwaya si nkhani, koma Loweruka lililonse "tili ku kwaya 2 koloko", Lachitatu lililonse "wapita ku mpira", ndiye kuti mwalemba ndandanda ya sabata yonse ya mwana wanu n'kuipachika pa mtengo wa pa msika. Mawu monga "tsiku lililonse", "amayenda yekha tsopano", "amatsala ndi wantchito", "bambo ake ali ku Joni mpaka Disembala" ndimawachotsa ndisanaganize n'komwe za nkhope. Onsewa akunena nthawi imene mwana alibe womuteteza.

Makolo a ana akuluakulu nawo ali ndi tsiku lawo, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka. Chimwemwe chimakhala chachikulu, ndipo anthu amajambula mndandanda wonse, mayina a ana a eni ake ali momwemo, n'kuwonjezera kuti wasankhidwa ku sekondale yogonera yakutiyakuti, anyamuka Lamlungu pa basi. Ameneyo ndi mtsikana wa zaka 13 kapena 14, dzina lonse, sukulu, tsiku la ulendo, ndipo mwina akuyenda yekha. "Wakhoza, wasankhidwa" n'zokwanira. Amene akufuna kumutumizira ya sopo afunse kumbali.

Tsopano za amene akuona. Apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Mlongo wanga anati: "Ine ndimangoika pa sitetasi, si pa Facebook." Sitetasi ya WhatsApp imaoneka kwa aliyense amene inu munasunga nambala yake nayenso anasunga yanu. Kwa munthu wa bizinesi amenewo si abale okha. Muli makasitomala, a kabaza, mmisiri amene anamanga mpanda, wogulitsa makala, munthu amene munakumana naye kamodzi pa maliro. Titatsegula foni yake n'kuyamba kuwerenga mayina, ena sankawakumbukira n'komwe. Pa zosankha za sitetasi pali zitatu: My contacts, My contacts except... ndi Only share with... Ambiri amasankha yachiwiri n'kuchotsa anthu awiri atatu amene anayambana nawo. Pa zithunzi za ana yoyenera ndi yachitatu, chifukwa imayamba popanda aliyense, inu n'kumawonjezera amene mukuwafuna. Yachiwiri ija, munthu aliyense watsopano amene mwasunga nambala yake mawa amalowa yekha. Kumbukiraninso kuti zimene mwasankha zimakhalabe choncho mpaka mutasinthanso, ndiye wa bizinesi ayenera kuona kaye asanaike, kapena kukhala ndi nambala ina ya malonda.

Sitetasi imazimirira pakatha maola 24, koma amene wajambula sikirini watsala nacho, ndipo inu simuuzidwa. Pa Facebook pali msampha wina. Mukhoza kusankha Friends m'malo mwa Public pa zolemba zanu, koma chithunzi cha pamwamba pa tsamba ndi chithunzi chokuimirani chimene chilipo pa nthawiyo zimaoneka kwa aliyense. Makolo ambiri amaika mwana pamenepo penipeni. Komanso mukatchula munthu pa chithunzi, anzake a munthuyo akhoza kuchiona pokhapokha mutatseka zimenezo. Njira yachidule yodziwira mmene tsamba lanu likuonekera kwa mlendo ndi kusankha View As. Ngati zaka zonsezi munkaika zinthu poyera, pali Limit Past Posts, imene imabweza zolemba zakale zonse kwa anzanu okha nthawi imodzi.

Mukhoza kusamala zonsezi, ndemanga n'kukuwonongerani. Mwabisa sukulu, azakhali alemba: "Ndi pa sukulu ya kuseri kwa tchalitchi ija eti? Mphunzitsi wake ndi mnzanga." Mwabisa dzina, msuweni walemba lonse ndi mfunda womwe. Sachita dala, ndi chikondi. Ndemanga yotere ichotseni, kenako muwaimbire muwafotokozere, chifukwa wamkulu akaona kuti mawu ake achotsedwa popanda kuuzidwa amadandaula, ndipo mlandu wake umakafika kumudzi. Ife pa gulu la banja tinagwirizana chinthu chimodzi chosavuta kukumbukira: chithunzi cha mwana chimene chabwera pa gululi sichituluka popanda kufunsa mayi kapena bambo ake. Sikuti onse amatsatira nthawi zonse. Koma poti tinakambirana, kukumbutsana sikukhalanso chipongwe.

Pali zina zimene sizioneka ndi maso. Foni ikajambula imalemba mkati mwa chithunzicho tsiku, nthawi, mtundu wa foni, ndipo ngati kamera munaipatsa chilolezo chodziwa malo, imalembanso malo enieni amene munaima. Tsegulani chithunzi, musankhe Details kapena kachizindikiro ka i. Ngati mukuona mapu, ndiye kuti malowo alimo. Mukatumiza monga chithunzi wamba pa WhatsApp kapena kuika pa Facebook, zimenezi sizifika kwa woona. Koma mukatumiza pa WhatsApp monga Document, kapena pa imelo, chithunzicho chimapita chathunthu ndi zonse zili mkati. Ambiri timatero achibale akunja akapempha chooneka bwino choti akatsukitse, kapena potumiza kwa wopanga makadi ndi wosindikiza pa keke. Kwa bambo wa mwana palibe vuto. Kwa wosindikiza amene simukumudziwa, mwamupatsa mapu a pakhomo panu. Muzimitse zimenezi mu zosankha za kamera. Pa Samsung pamalembedwa Location tags, pa mafoni ena mawu ake amasiyanako pang'ono koma amatchula malo.

Tsiku lobadwa ndi nkhani yosathamanga koma yokhalitsa. Keke ili ndi dzina ndi nambala 5, chithunzi mwaika tsiku lomwelo, ndiye aliyense wadziwa tsiku, mwezi ndi chaka. Onjezani dzina lonse, dzina la mayi limene lili pa tsamba, ndi mudzi ndi mfumu yaikulu zimene timatchula tikapita kumudzi pa Khirisimasi. Zimenezi ndi zomwe zimafunsidwa pa mafomu a boma, ndipo mwanayo adzazigwiritsa ntchito akamadzatenga chiphaso cha unzika pa zaka 16 ndi moyo wake wonse. Nyumba mukhoza kusamuka, sukulu asintha, koma tsiku lobadwa silisintha. Palinso makolo ambiri amene nambala yawo yachinsinsi ya ndalama za pa foni ndi chaka chobadwa cha mwana. Ine ndimaona kuti kuika chithunzi patapita masiku angapo, osatchula zaka, n'kokwanira. Koma kalata ya kubadwa, buku la kuchipatala, pasipoti ndi tikiti ya ndege, zimenezo zisajambulidwe n'komwe zoika pa intaneti, ngakhale chimwemwe chikule bwanji.

Kwa mabanja ena zonsezi si nkhani ya "mwina". Kuyambira cha m'ma 2014 dziko lino laona anthu achialubino, ambiri mwa iwo ana, akubedwa ndi kuphedwa, ndipo pa milandu ina amene anakhudzidwa anali achibale kapena anthu odziwika pakhomo. Kholo la mwana wachialubino lili ndi chifukwa chonse chomuonetsa monyadira, ndipo sindingaliuze kuti limubise, poti kubisidwa ndi mbali ya nkhanza zimene ana amenewa akumana nazo kwa nthawi yaitali. Chobisa ndi mudzi, sukulu, njira imene amadutsa ndi nthawi yake. Izi zikukhudzanso ife tonse amene timajambula pa zochitika za mpingo kapena za mabungwe n'kulemba dzina la mudzi pansi. N'chimodzimodzi ndi mayi amene anathawa banja la nkhanza ndi ana ake, kapena amene mlandu wa wosunga ana uli kukhoti. Kwa iye amene akusaka chithunzicho si mlendo, ndi munthu amene akudziwa kale nkhope ndi mayina onse, chimene akusowa ndi malo okha. Mnzake wa pa gulu la amayi akaika chithunzi cha pa bulaidalo shawa ana akuoneka kumbuyo, wamuulula.

Izi zikutifikitsa pa malire a zonse zimene ndanenazi. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anachitika m'dziko muno mu 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitiridwapo nkhanza zokhudza kugonana asanafike zaka 18, ndipo ochita zimenezo nthawi zambiri anali anthu owadziwa. Kudula baji pa chithunzi sikungateteze mwana kwa neba kapena wachibale amene amalowa m'nyumba. Kumangotseka khomo limodzi, lija timatsegula tokha. Makomo enawo amatsekedwa polankhula ndi mwana. Mlongo wanga anauza wake kuti womutenga ndi anthu atatu okha, anawatchula mayina, ndipo wina aliyense akabwera, ngakhale akudziwa dzina lake, ngakhale anene kuti watumidwa ndi amayi, abwerere kwa aphunzitsi. Anauzanso aphunzitsiwo chimodzimodzi. Ngati mwana wakumana ndi zoopsa kapena wina akumuvutitsa pa foni, nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Pali gulu lina la zinthu zimene ndimachotsa ngakhale sizingalondolere munthu pakhomo. Chithunzi cha mwana akusamba m'beseni, ali maliseche kapena atavala kabudula wamkati yekha, kwa ife n'choseketsa ndi chosalakwa. Koma pali anthu amene amatolera zithunzi zoterezi n'kumagawana, ndipo chikachoka m'manja mwanu simungachiitanitsenso. Chimenecho sichikufunika kudula, chikhale mu foni basi. Matenda nawonso. Timaika mwana ali pa bedi la chipatala kuti anthu atithandize kupemphera, pambali pakuoneka khadi lolembedwa dzina ndi matenda, kapena botolo la mankhwala limene aliyense amalizindikira. Pempho la mapemphero limamveka bwino popanda dzina la matenda. Mwana amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo ndi amene adzasankhe yekha woti amuuze akadzakula, ndipo kholo likaulula lero lamulanda chisankho chimenecho. Kukodza pogona, kulephera mayeso, kutha msinkhu, kukwapulidwa, zonsezi anzake a m'kalasi adzazipeza, chifukwa makolo awo ali pa foni yanu ndipo ana amaseweretsa mafoni a makolo.

Mwana akafika zaka 7 kapena 8 amatha kunena maganizo ake, ndipo ndimaona kuti ndi bwino kumufunsa. Mchimwene wake wa mwana wa mlongo wanga uja, amene ali Sitandade 6, anakana chithunzi china chimene tonse tinkachiona kuti n'chabwino, chifukwa ankaoneka akulira pa maliro a agogo ake. Ife tinkaona chikondi, iye ankaganiza za anyamata a m'kalasi mwake. Sichinaikidwe. Kufunsa kotere kumamuphunzitsanso kuti thupi lake ndi chithunzi chake zili ndi mwini, zimene adzazifune kwambiri akadzakhala ndi foni yakeyake.

Ana a eni ake ndi pomwe timalakwitsa mosavuta. Pa phwando la tsiku lobadwa pamakhala ana khumi ndi angapo, ndipo timawaika onse. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma simungadziwe chimene mayi wa mwana wina uja akuthawa kapena akubisa. Ngati simunafunse, dulani atsale wanu, kapena ikani chojambulidwa chakumbuyo ana akuvina, ndipo musatchule mayina awo.

Chimene sitinachithetse mpaka pano ndi tsamba la sukulu. Sukulu zambiri zoyendetsedwa ndi anthu wamba zimaika zithunzi za ana pa Facebook pofuna kukopa makolo ena: amene wakhala nambala wani, dzina lonse, kalasi, nthawi zina ndi basi ya sukulu ndi madera amene imadutsa. Tsamba limenelo ndi lotseguka kwa aliyense, ndipo dzina la sukulu lili pamwamba penipeni, moti zonse zimene kholo labisa zimatuluka pakamodzi. Mlongo wanga anakalankhula ndi ahedi, ndipo anamuyankha mwaulemu kuti palibe kholo lina limene linadandaulapo. Anavomera kuti wake asamamuike, koma pa zithunzi za gulu n'zovuta kutsatira. Tsopano akufuna kukatula nkhaniyi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndi pempho la zinthu ziwiri: kuti sukulu izifunsa makolo polemba pa fomu yolembetsera mwana, ndiponso kuti chithunzi ndi dzina lonse zisamaikidwe pamodzi. Wapeza kale amayi ena awiri a m'kalasi momwemo amene akuti adzamuthandiza kulankhula.